Lipoti lati 40 peresenti: kodi ndiye kuti wakopera?

Mukadzafika ku koleji kapena ku yunivesite, mwina mudzakumana ndi dongosolo loti asayimenti simuipereka papepala. Mumaitumiza pa kompyuta, ndipo pakapita kanthawi pamatuluka lipoti lokhala ndi nambala pamwamba: 8 peresenti, 23 peresenti, 40 peresenti. Ophunzira ambiri akaiona nambalayo mtima umangoti phwii, chifukwa amaiwerenga ngati chigamulo cha khoti: "40 peresenti ya ntchito yako ndi yakuba." Komatu nambalayo sinena zimenezo. Kuti tione chimene imanena, tiyenera kutsegula makinawo n'kuona mmene amawerengera, ndipo masamu ake ndi a Fomu 1 enieni.

Pulogalamu yodziwika kwambiri pantchitoyi ndi Turnitin, imene inayambira ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Lipoti lake lili ndi dzina loti Similarity Report, kutanthauza lipoti la kufanana. Taonani dzinalo bwinobwino. Silinena za kuba. Kuba zolemba za ena, kumene pachingerezi amati pulejalizimu, ndi kutenga mawu kapena maganizo a munthu wina n'kuwaonetsa ngati ako, osatchula mwiniwake. Kufanana ndi nkhani ina: ndi kungoti mawu awa, otsatizana chonchi, akupezekanso kwina. Eni pulogalamuyo amanena okha kuti chida chawo chimaona kufanana basi, ndipo woweruza ngati pachitika kuba ndi mphunzitsi.

Mmene kompyuta imapezera zofanana

Kompyuta siiwerenga nkhani yanu monga mmene aphunzitsi a Bayoloje amawerengera. Imaiona ngati mzere wautali wa mawu. Mzerewo imauyerekeza ndi nkhokwe yaikulu ya zolemba zimene inasunga kale, ndipo nkhokweyo ili ndi zipinda zitatu: masamba a pa intaneti, mabuku ndi nkhani za akatswiri zosindikizidwa, komanso ntchito zimene ophunzira ena anatumizapo m'mbuyomu. Chipinda chachitatuchi musachiiwale, tibwererako.

Tsatanetsatane wa njira yake kampani iliyonse imabisa, poti ndi malonda ake. Koma mfundo imene mapulogalamu amtunduwu amatsamira ndi yodziwika. Amaduladula nkhani m'timagulu ta mawu otsatizana, n'kufufuza ngati kagulu kalikonse kakupezeka m'nkhokwemo. Tiyeni tiyese tokha, ndipo tisankhe kuti kagulu kalikonse kakhale ka mawu asanu.

Tinene kuti m'nkhokwe muli chiganizo ichi: "Tsamba limagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa popanga chakudya cha chomera." Wophunzira walemba chake: "Tikudziwa kuti tsamba limagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa popanga shuga." Chiganizo cha wophunzirayu chili ndi mawu khumi. Kompyuta itenga mawu asanu oyamba, "Tikudziwa kuti tsamba limagwiritsa ntchito", n'kufufuza. Mulibe. Isuntha ndi liwu limodzi: "kuti tsamba limagwiritsa ntchito kuwala". Mulibenso. Isunthanso: "tsamba limagwiritsa ntchito kuwala kwa". Aka kapezeka. Kotsatira, "limagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa", kapezekanso, ndipo "ntchito kuwala kwa dzuwa popanga" chimodzimodzi. Komaliza, kothera ndi "shuga", mulibe. Ndiye mawu onse kuyambira "tsamba" mpaka "popanga" apakidwa mtundu. Awerengeni: alipo asanu ndi awiri.

Bwanji osangoyerekeza liwu limodzilimodzi? Chifukwa pamenepo chilichonse chikanafanana ndi chilichonse. Mawu ngati "ndi", "kuti", "madzi" ali paliponse. Koma mawu asanu kapena asanu ndi atatu otsatizana mofanana sachitikachitika mwangozi, pokhapokha pali chifukwa. Vuto ndi loti zifukwazo ndi zambiri, ndipo kukopera ndi chimodzi chabe mwa izo.

Pali kanthu kena kosangalatsa kwa okonda makompyuta. Kuyerekeza timagulu ta mawu ndi masamba mabiliyoni kungatenge nthawi yosaneneka, choncho kagulu kalikonse kamasandutsidwa nambala, imene ili ngati chidindo cha chala cha kagulu kameneko. Timagulu tofanana timatulutsa nambala yofanana, ndipo kufufuza nambala n'kwachangu kuposa kufufuza mawu. Komanso pulogalamu siifunika kusunga zidindo zonse. Imasankhapo zina mwadongosolo, moti chigawo chachitali chofanana sichingadutse osagwidwa. Njira ina yotchuka yosankhira zidindozi anaifotokoza mu 2003 akatswiri atatu, Saul Schleimer, Daniel Wilkerson ndi Alex Aiken, ndipo ndi imene imagwira ntchito mu MOSS, chida cha ku yunivesite ya Stanford choyerekezera mapulogalamu a pa kompyuta amene ophunzira alemba.

Nambala ija imachokera apa

Mawu onse opakidwa mtundu akawerengedwa, chotsala ndi kugawa basi.

```
peresenti = (mawu ofanana ÷ mawu onse) × 100
```

Pachiganizo chathu chija, 7 kugawa ndi 10, kuchulukitsa ndi 100, tapeza 70 peresenti. Onani zimene mulibe m'masamuwa. Mulibe funso loti mawuwo ali m'mitengero kapena ayi. Mulibe funso loti wolemba watchula buku limene wawatenga. Mulibe funso loti ndani anayamba kulemba. Liwu lililonse lofanana limalemera chimodzimodzi, kaya ndi dzina la sukulu pachikuto kapena ndi ganizo lalikulu la nkhani yonse.

Lipoti la sitachi m'tsamba

Tsopano titenge chitsanzo chachitali, chongoyerekeza koma chofanana ndi zimene zimachitikadi. Kalasi lapatsidwa ntchito yolemba lipoti la kuyesa ngati m'tsamba muli sitachi. Mukuidziwa ntchitoyi: tsamba mumaliviika m'madzi owira, kenako mumaliika m'sipiriti amene akutenthetsedwa m'madzi otentha moto utazimitsidwa, poti sipiriti sachedwa kuyaka. Kubiriwira kukachoka mumalitsuka m'madzi ofunda kuti lifewe, mumaliyala pambale yoyera n'kudonthezapo ayodini. Pamene pali sitachi pamasanduka pabuluu wakuda.

Wophunzira woyamba walemba mawu 1,200, ndipo lipoti lake latuluka ndi 40 peresenti. Ndiye kuti mawu 480 apakidwa mtundu. Tiyeni tiwatsate komwe ali.

Mawu 60 ali koyambirira: dzina la sukulu, dzina la phunziro, ndi funso limene aphunzitsi anapereka, limene iye walilembanso pamwamba monga anauzidwira. Aliyense m'kalasimo walemba zomwezo, ndipo a chaka chatha analembanso zomwezo. Mawu 180 ali m'chigawo cha zipangizo ndi ndondomeko. Apa aphunzitsi anagawa pepala la ndondomeko n'kunena kuti aliyense ayiike mulipoti lake. Ndipo ngakhale pakanapanda pepalalo, kodi pali njira zingati zonenera kuti "viika tsamba m'madzi owira"? Sayansi imafuna mawu olunjika, ndipo mawu olunjika a anthu awiri ofotokoza chinthu chimodzi amakumana kawirikawiri.

Mawu 48 ndi tanthauzo la fotosinthesisi limene walitenga m'buku. Waliika m'mitengero, watchula wolemba, chaka ndi tsamba. Wachita zonse zoyenera, koma mawuwo ndi ofananabe ndi a m'bukumo, ndipo ayenera kufanana, apo ayi ndiye kuti wawakopera molakwika. Mawu 132 ali kumapeto, pamndandanda wa mabuku amene wagwiritsa ntchito. Dzina la buku, dzina la wolemba ndi dzina la osindikiza sungazisinthe. Aliyense amene anatchulapo buku lomwelo analemba mzere womwewo. Otsala 60 ndi timawu tomwazikana apa ndi apo, monga "zotsatira zikuonetsa kuti m'tsamba munali" ndi "kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya".

Phatikizani: 60, 180, 48, 132 ndi 60, zonse 480. Gawani ndi 1,200, mupeza 0.4, ndiye 40 peresenti ija. Tsopano funsani kuti pa zigawo zisanuzi ndi chiti chimene wabera munthu. Palibe. Chodabwitsa n'choti mawu 180 mwa amenewa, a m'mitengero ndi a pamndandanda wa mabuku, akwezera nambala chifukwa choti wophunzirayu ndi wosamala. Akanakhala waulesi, osatchula buku ngakhale limodzi, mndandandawo sukanakhalapo ndipo nambala yake ikanatsika.

Chigawo chimene aphunzitsi amafuna kuona nzeru za wophunzira, chofotokoza chifukwa chake mbali ya tsamba imene inaphimbidwa sinasinthe mtundu, chilibe utoto uliwonse. Wachilemba yekha.

Wophunzira wachiwiri walembanso mawu 1,200, ndipo wapeza 9 peresenti. Anzake akumusirira. Ndondomeko waifupikitsa m'mawu ake, funso sanalilembe, mndandanda wa mabuku alibe. Koma 9 peresenti ya 1,200 ndi mawu 108, ndipo mukatsegula lipotilo mupeza kuti onse 108 ali pamalo amodzi. Ndi ndime yathunthu, mtundu umodzi kuyambira liwu loyamba mpaka mpumiro womaliza, yochokera patsamba limodzi la pa intaneti, yopanda mitengero, yopanda dzina la mwiniwake. Ndipo ndi ndime ija yofotokoza zotsatira, mtima wa ntchito yonse. Wa 40 peresenti alibe mlandu. Wa 9 peresenti ali ndi mafunso oti ayankhe.

N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi lamulo loti "kupitirira peresenti yakuti ndi kulephera, kuchepera pamenepo ndi bwino", likamagwiritsidwa ntchito palokha. Masukulu ena amaika malire otere pofuna kusankha malipoti oti ayambe kuwaunika, ndipo pamenepo palibe vuto. Koma malirewo akasanduka chigamulo, amalanga woyamba uja n'kumasula wachiwiri, komanso amaphunzitsa ana ntchito yolakwika: yotsitsa nambala m'malo motchula kumene atenga mfundo.

Nambala imodzi, mayankho angapo

Lipoti lomwelo likhoza kuonetsa manambala osiyana popanda kusintha liwu lililonse m'nkhaniyo. Turnitin ili ndi zosefera. Munthu akhoza kuiuza kuti isawerengere mawu a m'mitengero, isawerengere mndandanda wa mabuku, kapena isiye zofanana zing'onozing'ono zosafika mawu akuti. Kwa wophunzira woyamba uja, kuchotsa 48 ndi 132 kusiya mawu 300. Tikawagawa ndi 1,200 tipeza 25 peresenti. Aphunzitsi akachotsanso funso lawo lomwe ndi ndondomeko imene anagawa okha, patsala mawu 60, amene ndi 5 peresenti. Ntchito imodzimodzi yapereka 40, 25 ndi 5. Ndiye mnzanu wa ku koleji ina akamadzitama kuti iye amapeza manambala otsika, mufunseni kaye kuti zosefera zawo anazitchera bwanji.

Zoseferazi nazo si zanzeru kwenikweni. Chosefera cha mitengero chimangofunafuna zizindikiro. Mukaiwala kutseka mtengero umodzi, chikhoza kusokonezeka. Chosefera cha mabuku chimafufuza mutu wodziwika monga References kapena Bibliography n'kusiya zimene zili pansi pake. Mutu ukalembedwa mwachilendo, mndandanda wonse ukhoza kuwerengedwabe.

Pambali pa nambala pamakhalanso mtundu. M'kaonekedwe ka Turnitin kamene kagwira ntchito zaka zambiri, buluu ndiye kuti palibe chofanana, wobiriwira amafika pa 24 peresenti, wachikasu ndi 25 mpaka 49, waolenji ndi 50 mpaka 74, ndipo wofiira ndi 75 kupita m'mwamba. Mitunduyi imaoneka ngati maloboti a pamsewu, ndiye munthu amaganiza kuti wobiriwira ndi "dutsa". Koma pa mawu 1,200, kusiyana kwa 24 ndi 25 peresenti ndi mawu 12 okha, chiganizo chimodzi. Ndipo wachiwiri uja, wa ndime yokopera, ali pa wobiriwira ndithu.

Kutalika kwa nkhani nakonso kumasewera. Mawu 60 a funso la aphunzitsi ndi 5 peresenti pa ntchito ya mawu 1,200, koma pa yankho lalifupi la mawu 200 ndi 30 peresenti. Mawu ndi omwewo, changosintha ndi nambala yapansi pogawa.

Kanthu kena kamene kamasokoneza anthu ndi mndandanda wa kumene zofananazo zapezeka. Ndondomeko ija ya mawu 180 ndi 15 peresenti ya lipoti. Ikhoza kupezeka patsamba la pa intaneti, m'ntchito ya mnzake wa m'kalasi, komanso m'ntchito ya wophunzira wa chaka chatha. Mukayang'ana gwero lililonse palokha, lililonse lionetsa pafupifupi 15 peresenti, ndipo mukawaphatikiza mupeza 45. Koma panambala yaikulu mawu amenewa amawerengedwa kamodzi kokha. Ndipo gwero limene pulogalamu yaika pamwamba ndi limene lafanana kwambiri basi. Sizitanthauza kuti wophunzirayo anatsegulapo tsamba limenelo. Mwina onse awiri, iye ndi mwini tsambalo, anawerenga buku limodzi.

Pamene nambala ili yofiira koma munthu ndi wosalakwa

Tibwerere kuchipinda chachitatu chija, cha ntchito za ophunzira. Tinene kuti mwatumiza ntchito yanu yosamaliza kwinakwake kuti muone nambala, ndipo dongosololo linatcheredwa kuti lizisunga zimene latumiziridwa. Ntchito yanu yalowa m'nkhokwe. Sabata yotsatira mwatumiza yomaliza kwa aphunzitsi anu, ndipo lipoti likuti 95 peresenti, kofiira psuu. Mwafanana ndi ndani? Ndi inu nomwe. Aphunzitsi akatsegula gwerolo n'kuona kuti ndi lanu, amalichotsa ndipo nambala imagwa. Koma chenjezo lilipo: musamapereke ntchito yanu kwa munthu amene akuti "ndikuyezere pa akaunti yanga", chifukwa ikasungidwa pansi pa dzina lake kapena la sukulu ina, kutsimikiza kuti ndi yanu kumavuta.

Choopsa kwambiri ndi ichi. Mnzanu wakupemphani kuti aone lipoti lanu "angoona kalembedwe". Wakopera, wasintha dzina, n'kutumiza Lachiwiri. Inu mwatumiza Lachinayi. Kompyuta imadziwa tsiku limene ntchito yafika, siidziwa tsiku limene inalembedwa. Ndiye lipoti loyamba la mnzanuyo lituluka loyera, ndipo lanu lituluka lofiira, likuloza ntchito yake ngati gwero. Malipoti akawerengedwanso pambuyo pa tsiku lomaliza, onse awiri aoneka ofanana, komabe nambala siinena kuti mwini ntchito ndani. Chimene chingakupulumutseni apa si lipoti ayi. Ndi kope lanu la mulabotale, mapepala amene munalembapo poyamba, mafayilo akale okhala ndi masiku ake, komanso kutha kufotokoza pamaso pa aphunzitsi chifukwa chake munazimitsa moto musanabweretse sipiriti. Wokopera kawirikawiri amakakamira pafunso lachiwiri.

Nanga nambala yotsika?

Kumbukirani chiganizo chathu cha mawu khumi. Tisinthe mawu awiri okha: "Tikudziwa kuti tsamba limagwiritsa ntchito mphamvu ya dzuwa popanga shuga." Tsopano fufuzani mawu asanu otsatizana ofanana ndi chiganizo cha m'nkhokwe chija. "Tsamba limagwiritsa ntchito" ndi atatu. "Dzuwa popanga" ndi awiri. Palibe kagulu kofika asanu, ndiye kachipangizo kathu kakuti 0 peresenti, kuchoka pa 70. Mapulogalamu enieni ndi ochenjera kuposa kathuka, amatha kulumpha liwu limodzi kapena awiri osinthidwa n'kupitiriza kupaka mtundu. Koma malire ake ndi omwewo: amatsata mawu, osati maganizo. Munthu akatenga mfundo zonse za wolemba wina, mundondomeko yomweyo, n'kuzivala mawu ena osamutchula, wakuba ndithu ngakhale nambala ikhale yotsika.

Komanso pulogalamu singapeze chimene mulibe m'nkhokwe yake. Buku lakale la mulaibulale limene silinaikidwepo pa kompyuta, manotsi olembedwa pamanja a mchimwene wanu, kapena ntchito imene wina wakulemberani yatsopano, zonsezi zikhoza kudutsa osapakidwa mtundu. Zolemba za m'Chichewa zili pa intaneti ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi za m'Chingerezi, choncho nkhani ya m'Chichewa ikatuluka ndi nambala yotsika, mbali ina ndi chifukwa choti panalibe zambiri zoiyerekeza nazo.

Mukadzalandira lipoti lanu

Nambala ya pamwamba ioneni kamodzi, kenako tsegulani lipotilo muyende nalo chigawo ndi chigawo. Pamalo aliwonse opakidwa mtundu, yambani ndi kuona kuti ali pati: pachikuto, pafunso, pamndandanda wa mabuku, kapena pakati pa mfundo zanu? Kenako onani kutalika kwake. Timawu tisanu ndi kamodzi apa, tisanu ndi katatu uko, tochokera m'magwero makumi awiri osiyana, kawirikawiri ndi chilankhulo cha phunzirolo chabe. Ziganizo zitatu zotsatizana za mtundu umodzi, zochokera kugwero limodzi, n'zofunika kuziima.

Mukapeza chigawo chotere, dzifunseni moona mtima kuti chinafika bwanji pamenepo. Nthawi zambiri si dala: munthu amakopera ndime m'manotsi ake powerenga, pakapita milungu iwiri n'kuiwala kuti si mawu ake. Mankhwala ake ndi osavuta. Ngati mawu enieniwo ndi ofunika, aikeni m'mitengero n'kutchula mwiniwake. Nambala siitsika, koma mlandu watha. Ngati chofunika ndi mfundo yokha, tsekani bukulo, fotokozani mfundoyo mokweza ngati mukuuza mng'ono wanu wa Fomu 2, lembani zimene mwanenazo, kenako tsegulani bukulo muone ngati simunapotoze. Ndipo dzina la mwini mfundoyo mulilembebe, chifukwa mawu asintha koma ganizo likadali lake.

Osayesa kusinthanitsa liwu ndi liwu pofuna kuthawa utoto. Mu sayansi mawu ambiri alibe ofanana nawo: sitachi si shuga, kuwira si kufunda, ndipo lipoti lonena kuti tsamba linaviikidwa m'madzi ofunda pamene linaviikidwa m'madzi owira likufotokoza ntchito ina imene simunachite. Ndondomeko ya aphunzitsi ikapakidwa mtundu, isiyeni momwemo, ndipo pansi pake lembani kuti yachokera papepala limene anagawa m'kalasi.